Dzino lopweteka poluma ndi polekeza, koma ekisile siikuonetsa kanthu

"Abale thandizeni. Dzino langa la chibwano chapansi kumanja, limene anandimata kalekale, likumandibaya ndikaluma chinthu cholimba, makamaka pamene ndikulekeza kuluma. Zinayamba nditaluma kamwala mu mpunga miyezi iwiri yapitayo. Madzi ozizira akumandinyerenyetsanso koma zimatha msanga. Kuchipatala anandijambula ekisile n'kunena kuti palibe chobowoka. Kodi ndingolizula?"

Achemwali, musathamangire kuzula, komanso musakhale pansi chifukwa chakuti chithunzi chatuluka bwino. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi dzino limene lili ndi mng'alu. Sindingatsimikize ndisanaone m'kamwa mwanu, koma ululu wobaya polekeza kuluma ndi chizindikiro chimene madokotala a mano amachitchera khutu kwambiri. Vutoli linapatsidwa dzina lakelake m'chaka cha 1964 ndi dokotala wa ku America, Caryl Cameron, ndipo mpaka lero limawazunguza madokotala chifukwa mng'aluwo umabisala.

Dzino lili ndi chikhungwa cholimba kunja, ndipo pansi pake pali mbali yofewerako imene ili ndi timabowo tating'onoting'ono todzaza madzi, tolunjika ku mtsempha wa pakati pa dzino. Mng'alu ukadutsa chikhungwa n'kufika pa mbali yofewayo, dzino limakhala ndi zigawo ziwiri zimene zikanali zogwirana pansi koma zikutha kusuntha pang'ono pamwamba. Mukaluma, zigawozo zimakankhidwa n'kutsegukirana. Mukalekeza, zimabwererana mwadzidzidzi, ngati nsungwi yong'aluka imene imayasama mukaiponda n'kupana mukachotsa phazi. Kubwererana kwadzidzidziko kumasuntha madzi a m'timabowo tija, ndipo mtsempha umamva ngati wabayidwa. N'chifukwa chake ululu wake ndi wakuthwa koma wa kanthawi kochepa, ndiponso subwera nthawi iliyonse imene mwatafuna. Nsima imadutsa bwinobwino, koma njere ya chimanga chokazinga ikagwera pansonga yeniyeniyo, mumadumpha.

Dzino lanulo lili m'gulu la mano amene amang'aluka kawirikawiri. Mano akuluakulu akumbuyo a chibwano chapansi, makamaka loyamba ndi lachiwiri, ndi amene amalandira mphamvu yaikulu potafuna, ndipo nsonga ya dzino lapamwamba imalowa pakati pawo n'kumakankhira mbali ziwiri kunja. Likakhala kuti linabooledwa n'kumatidwa ndi chomata chachikulu, makamaka chachitsulo chotuwa chija, makoma otsalawo amakhala opyapyala. Kamwala kaja mwina kanangomaliza ntchito imene inayamba kale. Ngati mumakukuta mano kutulo, muwauze adokotala, chifukwa zimenezi zimasintha chithandizo.

Za ekisile musadandaule nazo, ndipo amene anakujambulaniwo sananame. Mng'alu wotere nthawi zambiri umayenda kuchokera kutsogolo kwa dzino kupita kumbuyo, pamene kuwala kwa makina ojambulira kumalowa kuchokera kutsaya kupita kulilime. Kuwalako kumadutsa mng'alu wopyapyala kuposa tsitsi mopingasa, ndiye sipaoneka kanthu. Chithunzicho ntchito yake ndi kuona ngati pali chobowoka chobisika kapena ngati fupa la kumapeto kwa muzu layamba kudyeka. Mng'alu wokhawokha umafufuzidwa ndi manja, maso ndi zimene inuyo mukumva.

Mukabwerera kwa dokotala, muwauze mawu awa mosasintha: "likupweteka ndikamalekeza kuluma." Choyamba adzakulumitsani kanthu. Pali kachida kapulasitiki kokhala ndi kachitunda kumapeto, kamene amakaika pansonga imodzi yokha ya dzino, inu n'kuluma, n'kulekeza mwadzidzidzi. Pamene kachidako palibe, kathonje kokulunga kolimba kamathandizanso. Dzino loyamba la chibwano chapansi limakhala ndi nsonga zisanu, lachiwiri zinayi, ndipo nsonga iliyonse imayesedwa payokha. Amayesanso mano oyandikana nalo ndi lapamwamba pake, chifukwa anthu ambiri amaloza dzino lolakwika, ndipo si vuto lawo, mitsempha ya mano siilozera bwino pamene pali vuto. Tiyerekeze kuti kwa inu nsonga zonse zili ziii, koma yakumbuyo ya mbali ya lilime yakudumphitsani polekeza. Pamenepo adokotala adziwa dzino, adziwanso mbali yoyang'ana.

Kenako amaumitsa dzino n'kuliunika ndi katochi kakang'ono kowala kwambiri, kogunditsa pambali pake, nyale yaikulu atazimitsa. Dzino lopanda mng'alu limawala lonse. Pamene pali mng'alu wozama, kuwala kumaima pomwepo, mbali ina yowala, ina yamdima. Apa pafunika kusamala, chifukwa akuluakulu ambiri ali ndi timizere tosazama pa chikhungwa cha mano, timene sitipweteka ndipo sitifuna chithandizo. Timeneti sititchinga kuwala. Musachite mantha ndi kamzere kalikonse kamene mungaone pagalasi. Kwa inu, n'kutheka kuti adzafunika kuchotsa chomata chakale chija, atakubayani jakisoni wa dzanzi, kuti aone pansi pake. Ena amapakapo utoto wabuluu umene umalowa mumng'alu, n'kuyang'ana ndi magalasi okuzira zinthu.

Pali zoyesa zina ziwiri zimene, kwa ine, ndi zimene zimaweruza mlandu wa dzino. Choyamba ndi kathonje kozizira kwambiri kamene amakagunditsa padzino. Ululu ukabwera n'kutha m'masekondi ochepa atachotsa, mtsempha wangokwiya koma ungathe kuchira. Ukapitirira kwa theka la mphindi kapena kuposa, kapena dzino likamapweteka lokha usiku, mtsemphawo watupa mosabwereranso. Likapanda kumva chilichonse pamene anzake akumva, mwina wafa kale. Chachiwiri ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mizere ya mamilimita, kamene amakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama kuzungulira dzino lonse. Pabwinobwino kamalowa mamilimita 1 mpaka 3. Kakapeza malo amodzi opapatiza pamene kakulowa mamilimita 6 kapena kuposa, pomwe kwina konse kuli bwino, ndiye kuti mng'alu watsikira kumuzu ndipo fupa layamba kudyeka motsatira mzerewo. Imeneyo si nkhani yabwino.

Mwa zimene mwalemba, kuzizira kukutha msanga ndipo simunatchule kutupa kapena kupweteka kwa usiku. Ngati zoyesazi zitsimikiza zimenezo, muli pa nthawi yabwino yopulumutsa dzino. Koma mumvetse chinthu chimodzi: mng'alu wa dzino suchira. Fupa likathyoka limalumikizana, dzino ayi. Palibe piritsi, mankhwala otsukira mano kapena mtengo umene ungaulumikize. Chimene dokotala angachite ndi kumanga dzinolo kuti zigawo zake zileke kusuntha, ndiye ululu umaleka ndipo mng'alu supitirira msanga.

Pongoyembekezera, angathe kupala pang'ono nsonga yovutayo kuti isamagundane ndi dzino lapamwamba, kapena kuveka dzino kamkombero kachitsulo kolizinga, kapena kulimata pamwamba ndi chomata choyera chogwira nsonga zonse pamodzi. Mumapita kunyumba kwa milungu ingapo. Ululu woluma ukatha, ndi umboni wakuti vuto linalidi mng'alu ndipo mtsempha ukupirira. Kenako amaika chokhalitsa, chimene ndi chipewa chovindikira dzino lonse, chotchedwa kirauni, kapena chovindikira nsonga zokha. Chofunika ndi chakuti chiphimbe nsonga za mbali zonse za mng'alu. Kungochotsa chomata chakale n'kuika china pakati pomwepo, nsonga zili pamtunda, nthawi zambiri sikuthetsa vuto, chifukwa makoma akanali kukankhidwira kunja. Nthawi zina mwayi umakhalapo: mng'alu umapendekera kunja, nsonga imodzi n'kuthyoka yokha pamwamba pa nkhama. Zikatero ululu umatha, ndipo dzino limakonzeka mosavuta.

Ndikuuziretuni kuti ngakhale ataveka chipewa, mtsempha ungathe kudzavutabe. Pa kafukufuku amene Krell ndi Rivera anafalitsa mu 2007, pa mano ong'aluka amene mtsempha wake unkaoneka kuti ungachire ndipo anavekedwa zipewa, pafupifupi limodzi mwa asanu aliwonse linafunika kuchotsedwa mtsempha pasanathe miyezi 6. Zikadzakuchitikirani, sikuti adokotala analakwitsa. Tizilombo timakhala titalowa kale kudzera mumng'alu. Pamenepo amachotsa mtsempha, kutsuka mizu ndi kuitseka, ndipo mpata umenewo amaugwiritsanso ntchito kuyang'ana mkati kuti aone pamene mng'alu wafika. Ukathera pakhoma, dzino lingathe kukutumikirani zaka zambiri. Ukadutsa pansi pa chipinda cha mtsempha, kapena dzino likagawanika pawiri moti zigawo zikugwedera pazokha, ndiye kuzula n'koyenera, ndipo kuthira ndalama pa dzino lotero ndi kuziwononga.

Ndikudziwa kuti kirauni ndi yodula, ndipo m'zipatala zambiri zazing'ono kwathu kuno chithandizo chimene chimapezeka msanga ndi kuzula kapena kumata wamba. Ngati ndalama ya kirauni palibe panopa, funsani ngati angathe kutsitsa nsonga n'kuziphimba ndi chomata choyera. Sichilimba ngati chipewa, koma n'chabwino kwambiri kuposa kulisiya dzino likutafunabe lili choncho. Ndikulimbikira zimenezi chifukwa dzino la chibwano likachoka, anzake amayamba kupendekera pampatapo, lapamwamba limatsika, ndipo katundu yense wotafuna amagwera mano otsala.

Pamene mukudikira tsiku lokaonana ndi dokotala, tafunirani kumanzere. Siyani kaye chimanga chokazinga, nzimbe, mafupa ndi mtedza wolimba, ndipo musamangoliyesa dzinolo poluma zinthu kuti muone ngati likupwetekabe, chifukwa kuluma kulikonse kwamphamvu kumautsitsa mng'alu. Panado angathandize ululu, bulufeninso ngati mulibe zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pakati. Musaike asipirini pankhama, amawotcha. Mankhwala opha tizilombo, monga amokisilini, sachita kanthu pa mng'alu. Koma mukaona tsaya latupa, kachotupa kotuluka mafinya pankhama, kutentha thupi, kapena mukuvutika kutsegula pakamwa ndi kumeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ululu ukangosowa wokha popanda chithandizo, kapimitseni ndithu, chifukwa mtsempha ukafa dzino limakhala chete kwa kanthawi pamene matenda akutsikira ku fupa.