Tebulo la masabuneti musaloweze

"Achimwene, ndikukonzekera mayeso a CCNA, a za manetiweki a makompyuta aja. Akandipatsa adiresi ngati `172.16.45.10/20` mutu umangoima. Kodi ndingoloweza tebulo lonse la masabuneti?"

Kalata yanuyi yanditosa pabala. Inetu tebulolo ndinaloweza, ndinalimata kukhoma pafupi ndi bedi, ndinkaliimba ngati ndakatulo ya kupulaimale. Kenako ndinapeza kaganyu pa ofesi ina kolumikiza pulinta. Makompyuta onse anali pa `192.168.10.64/27`, ine n'kuipatsa pulintayo `192.168.10.97` poti nambalayo inalibe mwini. Ndikati `ping`, zii. Ndinasintha kebulo kawiri, ndinagwada kunsi kwa desiki mpaka thalauza kutuwa, mayi wa pa desikipo atanyamula mafayilo akungondiyang'ana. Dzuwa litapendeka m'pamene ndinatenga cholembera. Maski ya /27 ndi `255.255.255.224`, ndipo 256 kuchotsa 224 ndi 32. Choncho masabuneti akuyambira pa 0, 32, 64, 96. Yathuyo inkathera pa 95, yomwenso ndi bulodikasiti, adiresi yofikira zipangizo zonse za m'sabunetimo nthawi imodzi. Pulinta ndinali nditaikhazika kwa aneba! Nditaipatsa 90 inasindikiza pompo.

Tebulo silinandipulumutse chifukwa limangokuuza kuti /27 imanyamula zipangizo 30, silikuuza mpanda uli pati. Ndiye ndinene mosapsatira: amene amaphunzitsa ana kuloweza matebulo akuwalakwira. Enanso amalimbikira kuti funso lililonse ulisandutse mabiti 32 a ziro ndi wani. Pophunzira n'zabwino, chitani kangapo kuti muone kumene manambala akuchokera. Koma mayeso aja ndi a mphindi 120, kakyuleta salola, ndipo funso ukalidutsa subwererakonso. Nthawi yojambula maziro muipeza kuti?

Tsono adiresi yanu ija

Lowezani manambala asanu ndi atatu okha: 128, 192, 224, 240, 248, 252, 254, 255. Zigawo ziwiri zoyamba za adiresi zadya mabiti 16, ndiye pa /20 atsala anayi, ogwera m'chigawo chachitatu. Nambala yachinayi pamndandandawo ndi 240.

```
/20 = 255.255.240.0
256 - 240 = 16
0, 16, 32, 48
```

45 wagwera pakati pa 32 ndi 48. Netiweki ndi `172.16.32.0`, yotsatira ikuyamba pa `172.16.48.0`, ndiye bwererani phazi limodzi mupeze bulodikasiti, `172.16.47.255`. Zipangizo zitenga kuyambira `172.16.32.1` mpaka `172.16.47.254`, zonse 4094.

Msampha wa ofunsa mafunso uli apa: adzakuonetsani `172.16.40.0` kapena `172.16.39.255` n'kufunsa ngati mungaipatse kompyuta. Maso amakana poona 0 ndi 255 kumapeto, koma pa /20 onsewa ali mkati mwa mpanda, ndi maadiresi abwinobwino. Yesani `10.1.77.5/21` mundilembere zomwe mwapeza.