Valiyebulo ndi bokosi lolembedwa dzina

"Abale, sindinalembepo pulogalamu chibadwire. Ndatsegula phunziro la Python, ndangokumana ndi valiyebulo komanso x = x + 1. Ku masamu zimenezi n'zosatheka. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa chizindikiro cha = chimenecho. Mu Python sichitanthauza kuti mbali ziwirizo n'zofanana. Ndi lamulo lakuti: tenga chimene chili kumanja, uchiike m'bokosi limene dzina lake lili kumanzere.

Pulogalamu ikamayenda, kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito mu memole yake, ija imalembedwa kuti RAM. Valiyebulo ndi kabokosi ka mmenemo kamene inu mwakapatsa dzina kuti mukapeze mosavuta. Taonani apa:

```python
ndalama = 5000
ndalama = ndalama - 1500
print(ndalama)
```

Mzere woyamba ukuika 5000 m'bokosi lotchedwa `ndalama`. Pa mzere wachiwiri kompyuta imayamba ndi kumanja: imasuzumira m'bokosi, kupeza 5000, kuchotsapo 1500, n'kutsala 3500. Ikatero m'pamene imaika 3500 m'bokosi lomwe lija, ndipo 5000 uja wapita basi, pakuti bokosi limasunga chinthu chimodzi pa nthawi. Pa sikilini patuluka 3500. Mzere wakuimitsani mutu uja ukuchitanso chimodzimodzi, kungoti ukuwonjezera 1.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa:

```python
mtengo = 800
zonse = mtengo * 3
mtengo = 1000
print(zonse)
```

Musanaiyendetse, ganizani kaye yankho. Mutu umathamangira ku 3000, koma patuluka 2400. Nthawi imene mzere wachiwiri unkayenda, mu `mtengo` munali 800, ndiye mu `zonse` munalowa 2400. Bokosilo linalandira yankho lokha, silinasunge njira yowerengera. Kusintha `mtengo` pambuyo pake sikulikhudza, pokhapokha mutalembanso mzere wowerengera uja pansi pa mtengo watsopano.

Ine ndikulangizani kuti masiku oyambirira ano muzikhala ndi pepala ndi pensulo pambali. Jambulani bokosi la valiyebulo iliyonse, dzina pamwamba, ndipo muzitsika mzere ndi mzere, kufufuta chakale n'kulemba chatsopano. Kenako yendetsani pulogalamu. Yankho likasiyana ndi la papepala, ikani `print` pambuyo pa mzere uliwonse, muona pamene mwasemphana ndi kompyuta.

Samalaninso ndi maina. Kwa Python, `ndalama` ndi `Ndalama` ndi mabokosi awiri osiyana. Mukaitana limene simunaikemo kanthu, ikuyankhani kuti `NameError`, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala chilembo chimodzi chokha. Dzina lisayambe ndi nambala, lisakhalenso ndi mpata pakati, choncho lembani `mtengo_wa_shuga`. Maina a Chichewa amagwira bwinobwino, ndipo amaposa `x` chifukwa mukabwererako sabata yamawa mudziwa chimene munasungamo.

Pulogalamu ikatha, mabokosi onse amafufutika. Chimene mukufuna kudzachipeza mawa chiyenera kulembedwa mu fayilo, koma zimenezo muzifike mukazolowera izi.