Mipata pa dovutelo ya dilowa, vuto si sowo

"Ndapanga madovutelo a dilowa koma pakutsala mipata yoti chikhadabo nkulowa. Kodi ndigule sowo ina?"

Ayi achimwene, ndalama yanuyo sungani kaye. Funsoli landikhudza chifukwa mdala amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali ndi sowo imodzi yokha yakalekale, chogwirira chomanga ndi waya, koma dilowa yake ukaikoka imachita kupuma mpweya. Tikamacheka ankaima kumbuyo osayankhula, kenako amatenga thabwa lako, kuika sikweya pamutu pa mchira, dzino la dovutelo lotakata kumapeto, nkulozetsa ku dzuwa. Kuwala kukadutsa, basi kayambirenso. Za angelo, kapendekedwe ka mchira, sankalimbana nazo, ndipo inenso pano ndimakana zoti anthu azitaya nthawi kukangana za 1:6 ndi 1:8. Inde 1:6 ndi ya matabwa ofewa, 1:8 olimba, koma mukayamba ndi michira, angelo ikapotoka pang'ono palibe mlandu poti mapini, mano olowa pakati pa michira, mudzajambula kuchokera pa michira yomweyo. Chimene sichikhululuka ndi mchira wosakhala sikweya kuchoka nkhope ina ya thabwa kufika inayo. Mukajambulira mbali yotakata, mbali yopapatizayo isiya mpata, mukajambulira yopapatiza ndiye polowetsa ikanika kapena kung'amba pini.

Komanso pensulo, abale! Mzere wa pensulo yobuntha ndi wonenepa, sowo nayo imadya gawo lake, ndiye mukacheka pakati pa mzere mwadya kale thabwa lofunika uku ndi uku. Mpata wanu ndi umenewo. Ena amadzazamo guluu ndi utuchi, ine zimenezo zimandiwawa mtima chifukwa dilowa imakokedwa tsiku ndi tsiku, utuchi sugwira kanthu.

Ndiye mutani?

Tinene kuti thabwa lakutsogolo ndi 20mm, am'mbali 12mm. Michira ikhale pa am'mbali, mapini kutsogolo, kuti pokoka joini izimangika yokha. Geji yolembera mizere ikani pa 14mm, lembani kuzungulira mutu wa thabwa lam'mbali, ndipo osaisuntha lembaninso pamutu pa lakutsogolo kuyambira mkati, 6mm yotsalayo ndi imene imabisa joini. Kenako geji pa 12mm, lembani nkhope yamkati ya lakutsogolo. Ngalande yolowamo thabwa lapansi igwere mkati mwa mchira wapansi, apo ayi idzaonekera m'mbali ngati bowo.

Michira mukacheka ndi kuyeretsa ndi tchizulo, panani lakutsogolo mu vayisi, gonekani lam'mbali pamwamba osagwedezeka, jambulani ndi mpeni wopyapyala. Mbali yotaya ikani X. Sowo idutse mbali ya X, mzere wa mpeni utsale pa pini, ndipo poti apa sowo imangolowa chopendeka osaboola kutsogolo, zotsala m'makona mumalize ndi tchizulo. Poyesa ilowe ndi dzanja mpaka theka, pamene pakuwala chifukwa chokhulana ndi pomwe mupale pang'ono.