Ndalipira zambiri, ndalandira zochepa: ndisiye inshuwalansi ya galimoto?

"Achimwene, ndili ndi Sienta yomwe ndinaiika pa inshuwalansi ya kompulehensivu mu 2021, mtengo wake tinalemba K6 miliyoni. Chaka chilichonse ndimapereka K450,000, zaka zinayi zakwana K1,800,000, koma ndinalandirapo K250,000 yokha nditagunda mbuzi ku Namiasi. Kodi si kutaya ndalama kumeneku? Ndingosiya?"

Achimwene, masamu anuwo ndawamva ndipo akuwawadi, koma musafulumire, chifukwa mwawerengera limodzi ndalama zomwe simungazithawe. Malamulo a pamsewu kuno ku Malawi salola galimoto kuyenda opanda inshuwalansi yolipira anthu ena omwe mwawapweteka kapena kuwaonongera katundu, ija timati thedi pate. Ndiye funsani kampani yanu kuti thedi pate yokha ndi zingati. Tiyerekeze akuuzani K100,000. Apa ndiye kuti ndalama yomwe mukuiganizira kuti musiye ndi K350,000 pachaka osati K450,000, ndipo ntchito yake ndi imodzi, kuteteza galimoto yanuyo ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa.

Tsopano gawani K6 miliyoni ndi K350,000, mupeza 17 ndi kanyenyeswa. Kutanthauza kuti mutasiya lero nkumasunga ndalamayo pambali osaikhudza, zingakutengereni zaka 17 kuti ikwane kugula galimoto ina, pomwe ngozi siidikira zaka 17, ikhoza kubwera mwezi wamawa potsika phiri la Chowe mabuleki atatentha, kapena wanjinga yamoto ya kabaza atangotulukira pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Kulandira zochepa kwa zaka zinayi sikukuonetsa kuti polise, mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi, ndi yoipa, kukungoonetsa kuti simunachite ngozi yaikulu, ndipo anthu ambiri olipira inshuwalansi ayenera kulandira zochepa kuposa zomwe apereka, apo ayi sipangapezeke ndalama yolipira uja galimoto yake yaphwanyikiratu.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa ine mu kalata yanu ndi K6 miliyoni ija. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, magalimoto ndi masipeya zinakwera koopsa, inu pulemiyamu yanu, ndalama ija mumapereka chaka chilichonse, ili pomwepo, ndiye zikuoneka kuti mtengo wa galimoto pa polise simunausinthe. Tinene kuti Sienta ngati yanu pano ikugulidwa K12 miliyoni. Ikabedwa sangakupatseni kuposa K6 miliyoni yomwe munalembayo, theka la galimoto. Komanso mapolise ambiri ali ndi kandime kena kotchedwa avereji, kamati ngati mwateteza theka la mtengo weniweni nawonso alipira theka la zoonongeka. Garaja ikati kukonza ndi K2 miliyoni, iwo awerengera K1 miliyoni, nkuchotsaponso ekisesi, ndalama ija mumayamba mwalipira nokha pa kileyimu iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse yomwe mwapempha kampani kuti ilipire zoonongeka. Anthu ambiri izi amazidziwira pa kauntala galimoto itaphwanyika kale, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Tengani pepala la polise mufufuze ekisesi yanu. Ngozi ya mbuzi ija, garaja inatchaja zingati ndipo kampani inalipira zingati? Ngati kusiyana kwake ndi ekisesi basi ndiye kampani inachita zomwe munagwirizana. Ngati kukupitirira, apempheni akulembereni chifukwa chake, ndipo mukapanda kukhutira dandaulo limapita kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi. Onaninso ngati amakuchotserani kena kake pa pulemiyamu zaka zomwe simunakileyime, makampani ambiri amatero, ndipo kukileyima tinthu ting'onoting'ono kumaluzitsa mwayi umenewu.

China ndikufunseni poyera poti tonse timaona pa depoti: Sientayo imanyamula anthu olipira kupita ku Monkey Bay kapena ku Liwonde? Ngati polise inalembedwa kuti ndi galimoto yapakhomo koma inu mumapangira takisi, tsiku la ngozi akhoza kukana kileyimu yonse, apo ndiye K350,000 mukuitayadi chaka ndi chaka. Auzeni zoona asinthe polise ngakhale idule.

Kusiya kumakhala kwanzeru galimoto ikakalamba, mtengo wake watsika mpaka pulemiyamu ndi ekisesi zikudya gawo lalikulu la mtengowo, mulibe ngongole ya kubanki pa galimotoyo, ndipo itaphwanyika mawa mutha kugula ina ana osasowa fizi. Ngati chimodzi mwa izi sichili choncho kwa inu, ine ndingati musasiye. Pitani akaiyeze mtengo galimotoyo, mutenge makoteshoni kumakampani awiri atatu pa mtengo watsopanowo. Pulemiyamu ikwera ndithu, mwina kufika kawiri, ndipo ikakulemerani funsani za polise yapakati, ya thedi pate yophatikiza moto ndi kubedwa, podziwa kuti mukagunda mbuzi ina mudzakonza ndi ndalama za m'thumba mwanu.