Pakamwa papindika, diso silikutsinzina: ndi sitiroko kodi?

"Adokotala, ndine mayi wa ku Chilomoni. Amuna anga, a zaka 41, adzuka dzulo pakamwa patapindikira kumanja. Diso lakumanzere silikutsekeka ndipo likungotuluka misozi. Akuti tsaya likuchita ngati dzanzi, akamamwa tiyi akutayikira. Akuyenda bwinobwino, anapitanso kuntchito. Aneba akuti ndi sitiroko, apongozi akuti tiwakande ndi madzi otentha. Titani?"

Mayi, ndakuyankhani kale pa imelo kuti bambowo apite kuchipatala lero lomwe, asadikire Lolemba. Pano ndifotokoze chifukwa chake, poti funsoli limabwerabwera.

Munthu wotere akalowa m'chipinda changa, sindiyamba ndi pakamwa ngakhale ndi pamene aliyense akuloza. Ndimayang'ana pachipumi. Ndimamuuza kuti akweze nsidze ngati wamva mtengo wa feteleza. Makwinya akaoneka mbali imodzi yokha, mbali inayo n'kukhala yosalala ngati ya mwana, komanso diso la mbali yomweyo n'kumakana kutsinzina, maganizo anga amapita ku mtsempha wa nkhope. Koma chipumi chikachita makwinya mbali zonse, maso onse n'kumatsinzina, pakamwa pokha n'kukhala pogwa, ndimadzidzimuka, chifukwa sitiroko imaoneka choncho kawirikawiri. Anthu amadabwa kumva zimenezi: nkhope yofa mbali yonse, yoopsa m'maso, nthawi zambiri ndi imene ili ndi vuto locheperapo.

Chifukwa chake chili m'kalumikizidwe ka mitsempha. Nyama za pankhope zimayendetsedwa ndi mtsempha umodzi mbali iliyonse. Umachoka kutsinde kwa ubongo, n'kudutsa m'kanjira kopapatiza m'fupa la kukhutu, kenako n'kumwazikira pachipumi, pachikope, patsaya ndi pamilomo. Ukatupa m'kanjirako umapanikizika, ndipo nthambi zake zonse zimaleka kugwira ntchito pamodzi. Awa ndi amene amatchedwa matenda a Bell, potengera Charles Bell, dokotala wa ku Scotland amene anafotokoza ntchito ya mtsemphawu mu 1821. Sitiroko imagunda pamwamba, mu ubongo momwe mumachokera malamulo. Tsono chipumi chimalandira malamulo kuchokera mbali zonse ziwiri za ubongo, pomwe milomo imamvera mbali imodzi yokha. Mbali imodzi ya ubongo ikavulala, chipumi chimatsala ndi bwana wina, milomo imatsala yokha.

Kanthu kena kamene kamasokoneza mabanja ambiri: mbali yodwala si imene pakamwa pakokekera. Ndinaonapo kondakitala wa minibasi wa ku Bangwe amene mkazi wake anakhala masiku atatu akumuthowa tsaya labwinobwino, mpaka linachita matuza. Mbali yamphamvu ndi imene imakoka. Kwa amuna anu, yofooka ndi yakumanzere, komwe kuli diso lija.

Za dzanzilo, odwala matenda a Bell ambiri amalidandaula, ena amati tsaya likulemera kapena likuyenda nyerere. Koma mukawakhudza ndi kathonje masaya onse atatsinzina, amamva mofanana, chifukwa kumva kukhudza pankhope kumadzera mtsempha wina. Ngati tsaya silikumva zenizeni, kapena dzanzi latsikira kudzanja, ku mwendo, imeneyo ndi nkhani ina. Zomwe zimayenda ndi matenda a Bell ndi kupweteka kuseri kwa khutu, chakudya kusamveka kukoma mbali imodzi ya lilime, ndi phokoso kumveka mokweza khutu limodzi. Ndipo amakula pang'onopang'ono, kwa maola kapena masiku awiri atatu, pomwe sitiroko imagwa kamodzi n'kamodzi.

Chipumi chokha musachikhulupirire kotheratu. Pali sitiroko ya kutsinde kwa ubongo imene imafooketsa nkhope yonse. N'chifukwa chake ndimapitiriza: atambasule manja onse kutsogolo, zikhatho zili m'mwamba, atsinzine, tiwerenge mpaka 10, tione ngati limodzi likutsika. Anene chiganizo chathunthu. Wa matenda a Bell amavutika ndi "p" ndi "b" poti milomo sikugwirana, koma mawu sawasowa ndipo zomwe mukunena akuzimva. Ayende mzere wowongoka. Dzanja kufooka, kusokoneza mawu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira, kutsamwa pomeza, mutu woopsa wadzidzidzi: chimodzi chokha mwa izi, pezani galimoto nthawi yomweyo mupite ku Gulupu, ku Queen Elizabeth, kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo mukumbukire ola limene munamuona komaliza ali bwino. Musamumwetse asipulini kunyumba. Sitiroko ina ndi ya mtsempha wa magazi wotsekeka, ina ndi ya mtsempha wophulika, ndipo popanda kujambula mutu simungazisiyanitse. Pa yophulikayo asipulini amawonjezera kukha magazi.

Nanga ngati ndi mtsempha wa nkhope chabe, changu n'chachiyani? Mankhwala ake, puredinisoloni, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72. Kwa wamkulu timapereka mamiligalamu 50 patsiku kwa masiku 10, kapena 60 kwa masiku 5 kenako n'kumachepetsa. Amuna anu adya kale tsiku limodzi ndi theka. Koma musathamangire kukagula nokha, chifukwa mankhwalawa amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiye ziwirizi ziyenera kuyezedwa kaye. Dokotala asuzumirenso m'khutu. Khutu lotuluka mafinya limatha kuwononga mtsemphawu, ndipo timatuza m'khutu kapena m'kamwa timaloza ku mashingozi, omwe amafuna mankhwala enanso, asaikolova. Ndimapemphanso aliyense wotere kuyezetsa HIV, ndipo apa amuna ambiri amakwinya nkhope, mbali imene ikukwinyikayo. Sikuti ndikuwaganizira zoipa ayi. Kufooka kwa nkhope kumatha kukhala chizindikiro choyamba munthu atangotenga kachilomboka, nthawi imene kuyeza koyamba kungathe kusaonetsa, ndiye timabwereza pakapita milungu ingapo.

Chimene ndimachiopa kwambiri pa matendawa ndi diso. Misozi ikutulukayo isakunamizeni kuti diso n'lonyowa. Chikope chikapanda kuphethira, galasi la diso limauma, ndipo ndi fumbi la m'misewu yathu limachita chilonda chimene chingasiye chipsera mpaka kale. Masana adonthezemo misozi ya m'botolo ya ku famase pafupifupi ola lililonse, akamatuluka avale magalasi. Usiku apake mafuta a m'maso, mutsitse chikope ndi chala, n'kuchimata ndi pulasitala wofewa mopingasa. Musaike thonje pamwamba pa diso lotseguka, limakanda. Akamayesa kutsinzina mudzaona diso likutembenukira m'mwamba, kutsala koyera kokha. Musachite mantha, maso a anthu ambiri amatero, kungoti chikope chimabisa. Diso likafiira, likamapweteka kapena kuona mwachimbuuzi, apite kuchipatala cha maso tsiku lomwelo.

Apongozi auzeni mwaulemu kuti madzi otentha safika pomwe pali vuto, poti kutupako kuli mkati mwa fupa. Kusisita pang'ono ndi zala sikulakwika, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ambiri amayamba kuona kusintha pasanathe milungu itatu, kakona ka mlomo kuyamba kugwedera, ndipo pafupifupi 7 mwa odwala 10 amachira kotheratu ngakhale osalandira mankhwala, owalandira msanga n'kuposa pamenepo. Pakatha miyezi itatu popanda kusintha kulikonse, kapena kufookako kukumawonjezeka mlungu ndi mlungu, kapena pakatuluka chotupa kutsogolo kwa khutu, abwererenso akaunikidwe mwatsopano, chifukwa matenda a Bell sayenda choncho.