Nkhani zitatu pansi pa mtengo

Agogo, anandisankha mlembi wa komiti ya mjigo kumudzi kwathu. Mwezi watha ndinapereka lipoti pa msonkhano wa amfumu, ndayankhula mpaka thukuta kamukamu, pomaliza amfumu akuti "nde mukuti chani kwenikweni mwana inu?" Ku koleji ndinazolowera masilaidi koma apa ndi pansi pa mtengo. Loweruka ndikayankhulanso, ndipange bwanji?

Mdzukulu wanga, unakwerapo minibasi usiku yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe? Kunja kuli bii sukuona kanthu, koma kondakitala akangokuwa kuti Lunzu, kenako Zalewa, kenako Ntcheu, mtima umakhala m'malo chifukwa ukudziwa pomwe wafika komanso kuti kwatsala Dedza. Anthu ako aja unawakweza minibasi yopanda kondakitala. Khutu silibwerera m'mbuyo ngati diso pa pepala, mayi akangotembenuka kuti atonthoze mwana basi chiganizo chapita, ndipo ngati siteji sunaitchule sadziwanso kuti tili pa nkhani iti.

Nde Loweruka uyambe ndi ulemu monga mwa mwambo, amfumu, nduna zawo, azimayi ndi azibambo, osadumpha. Ukatha ukhale kaye chete pang'ono kuti malonje asasakanikirane ndi nkhani, kenako ukweze zala zitatu uziti: "Ndabwera ndi nkhani zitatu. Yoyamba ya ndalama, yachiwiri ya kuwonongeka kwa mjigo, yachitatu ya chopereka chatsopano. Mafunso tiyankha pakutha pa nkhani iliyonse." Basi. Ndi zomwe amachita owerenga nkhani pa wailesi ya MBC, amayamba ndi mitu kenako tsatanetsatane.

Mayina amenewo, ndalama, kuwonongeka, chopereka, uwagwiritsitse mpaka kumapeto. Inu ophunzira mumakonda kusinthasintha mawu kuti zikome, apa wati ndalama, apo wati thumba, uko wati bajeti, gogo ngati ine ndimayesa ndi nkhani zitatu zosiyana pomwe ndi imodzi yomweyo.

Pomwe ambiri amagwa mpotseka. Kutsegula amatha, "tiyambe ndi ya ndalama", koma amangoterereka kulowa ina osanena. Tiyerekeze kuti munatolera K84,000, mwagwiritsa K30,000 kugula maraba ndi kulipira mmisiri. Ukafotokoza zonsezo utseke ndi nambala imodzi yokha yoti anthu apite nayo kunyumba: "Choncho ndalama zatsala K54,000. Ya ndalama yathera pamenepo, alipo ali ndi funso?" Dikira ndithu, werenga chamumtima mpaka faifi, pinda chala chimodzi anthu akuona, kenako "Tatha imodzi, zatsala ziwiri. Tsopano ya kuwonongeka kwa mjigo." Usunthe phazi olo utembenukire mbali ya azimayi, thupi nalo limauza anthu kuti tasamuka.

Ndipo pamsonkhano wakumudzi sipalephera bambo wina wodzuka pakati pa nkhani yoyamba n'kufunsa kuti kodi mukuti tizisonkha zingati tsopano. Usamuyankhe pomwepo, ukatero msonkhano wonse uthamangira kumeneko ndipo ya kuwonongeka simuibwereranso, pomwe ndi imeneyo ikufotokoza chifukwa chokwezera chopereka. Uziti mwaulemu, "Zikomo bambo, funso lanulo lili mu nkhani yachitatu, ndalisunga." Koma ukafikadi pa yachitatu uyambire iwowo, "bambo aja anafunsa zakuti", apo ayi ulendo wina sadzakukhulupirira ukati tifika.

Ukafuna kupatuka, kaya kuthokoza anyamata omwe analambula pa mjigo, nena kuti ndipatuke pang'ono, ukatha unenenso kuti tabwerera ku ya kuwonongeka ija. Agogo anga akamatiimbira nthano ife timavomera kuti tili tonse, akamva mawu achepa amadziwa kuti ena agona. Iwenso uzifunsa "tili limodzi?" pamalire a nkhani, osati chiganizo chilichonse, zimatopetsa. Ee wa anthu usamudalire kwambiri, amavomera chifukwa cha ulemu. Chizindikiro chenicheni ndi mafunso awo: wina akafunsa za ndalama iwe uli pakati pa chopereka, kapena ukaona anthu akunong'onezana kufunsana, dziwa kuti unawataya pokhota. Ima, kweza zala zija, bwereza kuti tatha iyi ndi iyi, pano tili apa.

Mawu oti "pomaliza" unene kamodzi kokha. Ine ndinakhalapo pa maliro ena pomwe woyankhula anati pomaliza kanayi, dzuwa likuswa mtengo, pofika kachitatu anthu anali atayamba kale kukutumula zitenje, uthenga weniweni wa tsiku losesa unamveka ndi anthu ochepa. Chimodzimodzi ukalonjeza zitatu usatulutse yachinayi. Ngati komiti yakupatsa nkhani sikisi, khala pansi Lachisanu uzimange m'mitolo itatu, zotsalazo zidikire msonkhano wina. Mayina atatuwo ulembe pa kapepala kokwana m'dzanja, ukayesere kaye pamaso pa amayi ako uku akuphika, ukatha uwafunse kuti nkhani zinali zingati komanso ziti. Akaphonya imodzi, pamenepo mpomwe ukonze.