Seiko ya malemu bambo yayamba kutsalira

"Achimwene, ndili ku Luchenza kuno. Ndili ndi Seiko 5 yosayendera batire imene anasiya malemu bambo. Ikumatsalira maminitsi awiri patsiku, ndikavula usiku m'mawa ndimapeza yaima. Sevisi yake ndi zingati, imafunika kangati, nanga amapanga chani kwenikweni?"

Achimwene, mafuta auma mmenemo. Seiko 5 zambiri zili ndi injini ya 7S26, ndipo ikakhala bwinobwino mutaivala tsiku lonse imayenda maola pafupifupi 40 ili pa tebulo. Yanuyo usiku umodzi wokha yagona, ndiye kuti mphamvu ya sipuling'i ikuthera m'kukhulana kwa zitsulo.

Sevisi yeniyeni munthu amaphwasula injini yonse kachidutswa kamodzikamodzi, kutsuka m'mankhwala ake, kuumitsa, kenako kuyang'ana ndi galasi lapadiso ngati timisonga ta magiya tadyeka. Pobwezera ndi pamene pali ntchito. Timiyala tofiira tija, 21 jewels yolembedwa pawotchipo, ndi pamene magiya amazungulira, ndiye amadonthezapo mafuta ndi kansonga kochepa kuposa singano, komanso si mafuta amodzi, kothamanga kumafuna opepuka, kolemera olimbirapo. Akachulutsa amayenderera mpaka pa kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kaja, kamamatana, wotchi n'kuyamba kuthamanga ngati yapenga. Akatha amasintha timalabala totchinga madzi, n'kuiyesa masiku angapo, chagada, chafufumimba, cham'mbali. Ndiye wina akakuuzani kuti dikirani pompano ola limodzi, dziwani kuti angoiviika yonse mu petulo n'kupopera mpweya. Iyenda ndithu, miyezi ingapo, koma ikuyenda youma.

Kangati? Ambiri amati zaka 5 zilizonse, mafuta amakono amatha kufika 7 kapena kuposa. Koma kwathu kuno ndi chinyezi cha chiperoni chija ine timalabalato sindingadikire nato. Mukangoona nthunzi mkati mwa galasi thamangani nayo sabata yomweyo, dzimbiri silidikira malipiro.

Zandalama, kunja sevisi ya wotchi wamba ngati imeneyi imayambira cha m'ma 100 dolazi kupita m'mwamba, za Omega ndi Rolex zimadutsa 500. Kuno mtengo ndi wokambirana, mu Limbe kapena mu Blantyre, koma chitsulo chikafunika kuitanitsa kunja dola ndiye amalamula. Chodabwitsa nchakuti injini yatsopano ya NH36, m'bale wake wa 7S26, imagulidwa cha m'ma 40 dolazi, kotchipa kuposa sevisi yakunjayo, ndiye okonza ambiri amangosintha injini yonse (kachitsulo kopukusira nthawi kamafunikanso kusintha). Poti ndi ya bambo, ine ndingakonzetse injini yakale yomweyo. Muwauziretu kuti chilichonse chimene achotse akubwezereni m'kapepala, ndipo nkhope ya wotchiyo asaipukute ndi mankhwala, utoto wake umachoka.